Madzi a m'botolo: zoyenera kuwerenga pa lebulo musanatsegule chivindikiro

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, malonda a madzi a m'mabotolo nawo amayenda. Alimi amene akudikira kuti mabelo awo alowe, madalaivala a malole, akabaza ndi amayi ogulitsa zakudya m'mbali mwa msewu onse amafika nthawi yomva ludzu, ndipo botolo lozizira limakhala pafupi kuposa mjigo. Wogula amafunsa mtengo, amakhudza botolo kuti amve ngati lazizira, n'kulipira. Kapepala komatidwa pa botolopo, komwe ambiri amangoti lebulo, kamapita m'dzala kasanawerengedwe.

Chonsecho kapepalako ndi lonjezo limene kampani imapereka kwa wogula, ndipo lamulo limaikakamiza kuti lonjezolo likhale loona. Munthu wodziwa kukawerenga amapezapo mayankho a mafunso atatu: madziwa achokera kuti, muli chiyani, nanga akapezeka ndi vuto afunsidwe ndani.

Zimene lamulo limafuna

Mabungwe awiri a boma ndiwo ali ndi udindo waukulu pa nkhaniyi. Loyamba ndi Malawi Bureau of Standards, lomwe anthu amalidziwa kuti MBS. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo ndilo limaika miyezo ya katundu, kuyendera mafakitale, kuyeza madzi m'labotale ndi kupereka chilolezo choti kampani iike chizindikiro chake pa botolo. Lachiwiri ndi Competition and Fair Trading Commission, kapena kuti CFTC, lomwe limalandira madandaulo a ogula ndi kulanga amalonda onamiza anthu. Palinso lamulo loteteza ogula la mu 2003, lomwe limati wogula ali ndi ufulu wouzidwa zoona zokhudza katundu amene akugula komanso wotetezedwa ku katundu amene angawononge thanzi lake.

M'mawu osavuta, botolo lililonse la madzi logulitsidwa m'golosale ya pa Kasungu boma, ku Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya liyenera kunena mtundu wa madziwo, kuchuluka kwake, dzina ndi keyala ya kampani yomwe yawathira m'botolo, nambala ya gulu la mabotolo amene anapangidwa limodzi, ndi tsiku lomwe madziwo adzathe mphamvu. Ngati apangidwa m'dziko muno, payenera kukhala chizindikiro cha MBS. Madzi ochokera kunja, monga ku South Africa kapena ku Zambia, amakhala ndi zizindikiro za kwawo, koma a MBS amayang'aniranso katundu wolowa m'dziko, ndipo lebulo iyenera kutchula dziko lomwe achokera.

Lamuloli limakhudza onse amene botolo ladutsa m'manja mwawo. Kampani imayankha pa zomwe yalemba. Mwini sitolo amayankha akagulitsa madzi otha masiku kapena opanda lebulo. Mnyamata wogulitsa pa depoti naye alibe ufulu wotola mabotolo otayidwa, kuthiramo madzi a pampopi n'kumagulitsa ngati a kufakitale.

Madzi a pakasupe ndi madzi oyeretsedwa

Malebulo ambiri amalembedwa m'Chingerezi, choncho wogula ayenera kuzindikira mawu ochepa monga momwe amaonekera pa botolo. Mayina amene amapezeka kawirikawiri ndi atatu.

Pakalembedwa kuti "Spring Water", kampani ikunena kuti madziwo achokera pakasupe, pomwe madzi a pansi pa nthaka amatumphuka okha. Madzi otere amadutsa m'miyala kwa nthawi yaitali ndipo amasungunula michere ya m'miyalamo. Kufakitale amatha kuwasefa ndi kupha tizilombo, koma michere ija imatsala. N'chifukwa chake madzi a akasupe awiri osiyana sakoma mofanana.

Pakalembedwa kuti "Natural Mineral Water", malamulo amakhwima kwambiri. Miyezo ya Codex, yomwe mabungwe a FAO ndi WHO amayendetsa ndipo mayiko ambiri amatengerako, imati madzi otere achokere pansi pa nthaka pamalo otetezedwa, michere yake isamasinthesinthe, athiridwe m'botolo pafupi ndi pomwe akutuluka, ndipo asanyamulidwe m'matanki kupita kukathiridwa kwina. Kampani imaloledwa kuchotsamo zinthu zochepa zokha, monga chitsulo chimene chimafiiritsa madzi.

Pakalembedwa kuti "Purified Water" kapena "Prepared Water", nkhani yagona pa kuyeretsa, osati pa gwero. Madziwo angachokere pa mjigo, mumtsinje ngakhale pampopi wa bungwe logawa madzi m'tauni. Kawirikawiri amakankhidwa mwamphamvu kudutsa pa sefa yamabowo aang'ono kwambiri, njira yomwe pa lebulo amailemba kuti "Reverse Osmosis". Sefayo imagwira tizilombo ndi dothi, komanso imachotsa pafupifupi michere yonse. Makampani ena amabwezeramo pang'ono kuti madziwo asamveke osakoma, ndipo akatero ayenera kulemba.

Palibe cholakwika kugulitsa madzi a pampopi oyeretsedwa bwino. Cholakwika ndi kuwabisa. Mu 2004 ku Britain kunabuka mkangano anthu atadziwa kuti madzi a Dasani, omwe kampani ya Coca-Cola inkagulitsa kumeneko, anali a pampopi a ku Sidcup oyeretsedwa m'fakitale. Pasanathe milungu yambiri kunapezekanso kuti njira yowayeretsera inasiya mankhwala otchedwa bulometi opitirira muyezo wololedwa, ndipo mabotolo pafupifupi 500,000 anachotsedwa m'masitolo. Nkhaniyi inaonetsa kuti mawu akuti "oyeretsedwa" sanena kumene madzi achokera, ndiponso kuti fakitale nayo iyenera kuyezedwa.

Kuno kwathu wogula asamale ndi zithunzi. Botolo likhoza kukhala ndi phiri lobiriwira ndi mathithi, dzina lake n'kumamveka ngati la kasupe, pomwe m'munsi mwa timalemba tating'ono mwalembedwa kuti ndi madzi oyeretsedwa. Mtundu weniweni wa madzi uli m'mawu, ndipo kampani yonena kuti madzi ake ndi a pakasupe iyenera kukhala ndi kasupe yemwe ingamutchule ndi kumuloza. Kulemba kuti ndi a pakasupe pomwe ndi a pampopi ndi chinyengo chimene a CFTC angachifufuze.

Nanga abwino ndi ati? Pa nkhani ya ukhondo, mitundu yonseyi iyenera kukhala yopanda tizilombo toyambitsa matenda. Kusiyana kwake kuli pa kakomedwe, pa michere ndi pa mtengo basi.

Kabokosi ka manambala

Kumbuyo kwa botolo kumakhala kabokosi ka zilembo ndi manambala. Muyezo wake umalembedwa kuti mg/L, kutanthauza mamiligalamu pa lita imodzi ya madzi. Miligalamu ndi kachigawo kamodzi mwa zigawo 1,000 za galamu. Makampani ena amalemba ppm, koma pa madzi akumwa muyezo umenewu ndi wofanana ndi mg/L.

Nambala yoyambira kuyang'ana ndi ya TDS. Iyi ndi michere yonse yosungunuka m'madzimo itaphatikizidwa, zomwe zingatsale pansi pa poto madzi onse ataphwa. Madzi odutsa pa sefa yamphamvu ija nthawi zambiri amakhala ndi TDS yosafika 50. A pakasupe amatha kukhala ndi makumi angapo kapena mazana angapo malinga ndi miyala ya kumaloko. Bungwe la WHO limati madzi osapitirira 600 amamveka bwino m'kamwa, ndipo akadutsa 1,000 anthu ambiri amayamba kuwakana. Amene anamwapo madzi a m'mijigo ina ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje amaudziwa mkamwa mwawo mchere umenewu.

Nambalayi imathandizanso kugwira bodza. Botolo lonena kuti ndi la pakasupe, koma TDS yake ndi 5 kapena 10 ndipo silikutchula dzina la kasupe, likupereka chifukwa chokwanira chofunsira mafunso. TDS payokha sinena ngati madzi ali ndi tizilombo. Madzi a TDS yotsika akhoza kukhala ndi tizilombo ta kolera ngati anathiridwa mwauve.

Pansi pake pamabwera Ca, yemwe ndi kalisiyamu wolimbitsa mafupa ndi mano, Mg yemwe ndi maginiziyamu, ndi K yemwe ndi potaziyamu. Otsatsa malonda amakonda kutamanda michere imeneyi, koma kuchuluka kwake m'madzi ndi kochepa. Madzi otchuka a Evian a ku France ali ndi kalisiyamu wokwana 80 mg/L, pomwe munthu wamkulu amafuna pafupifupi mamiligalamu 1,000 pa tsiku. Kuti akwanitse zimenezi ndi madzi okha, ayenera kumwa malita oposa 12. Usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, bonongwe, nkhwani, soya ndi mkaka zimapereka kalisiyamu wochuluka pa mtengo wotsika. Choncho womwa madzi oyeretsedwa sakutaya kanthu kodetsa nkhawa bola akudya mokwanira, ndipo wolipira ndalama zambiri chifukwa cha michere akugula kakomedwe, osati mankhwala.

Masamu a sodiyamu

Chilembo chofunika kwambiri kwa anthu ena ndi Na, yemwe ndi sodiyamu. Ndi iye amene amakweza magazi munthu akadya mchere wambiri. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009, yemwe Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi WHO, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. WHO imalangiza kuti wamkulu asafike mamiligalamu 2,000 a sodiyamu pa tsiku, zomwe ndi magalamu 5 a mchere wa pakhitchini, supuni yaing'ono ya tiyi yosadzaza.

Tiyerekeze mlimi wa fodya wa ku Chulu amene kuchipatala anamuuza kuti ali ndi BP. Wabwera kumsika, atandala kunja tsiku lonse ndipo amwa malita atatu. M'golosale wapeza mabotolo atatu, ndipo manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera kuti njira yowerengera ioneke.

Botolo loyamba ndi la pakasupe ndipo palembedwa kuti Na 12 mg/L. Malita atatu amupatsa mamiligalamu 36. Lachiwiri ndi la madzi oyeretsedwa, Na 4 mg/L, ndipo malita atatu ndi mamiligalamu 12. Onse awiriwa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi 2,000 uja, moti kusankha pakati pawo chifukwa cha BP n'kutaya nthawi.

Botolo lachitatu ndilo lili ndi msampha. Palembedwa kuti Na 18, nambala yooneka ngati yoyandikana ndi ya botolo loyamba. Koma pamwamba pa kabokosiko palembedwa kuti manambalawo ndi a pa 100 ml. M'lita imodzi muli zigawo khumi zotere, choncho 18 ayenera kuchulukitsidwa ndi 10, n'kukhala mamiligalamu 180 pa lita. Malita atatu ndi mamiligalamu 540, kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a muyezo wa tsiku lonse, munthu asanadye n'komwe ndiwo. Akafuna kudziwa kuti ndi mchere wochuluka bwanji, achulukitse sodiyamuyo kawiri ndi theka, ndipo apeza mamiligalamu 1,350, kuposa galamu imodzi.

Choncho asanawerenge nambala, wogula ayambe waona ngati ndi ya pa lita, pa 100 ml kapena pa kapu imodzi.

Malamulo a mayiko a ku Ulaya amapereka malire othandiza kukumbukira. Kumeneko madzi a m'botolo amaloledwa kulembedwa kuti ndi oyenera anthu ochepetsa mchere pokhapokha sodiyamu wake ali pansi pa 20 mg/L, ndipo akadutsa 200 amawerengedwa m'gulu la madzi a sodiyamu wambiri. Pamenepa ndi pomwenso lilime limayamba kumva mchere. Madzi otere alipodi pa msika wa dziko lapansi. A Vichy Célestins a ku France ali ndi sodiyamu woposa 1,000 mg/L, pomwe a Evian sakufika ngakhale 10. Onsewo ndi madzi achilengedwe a pansi pa nthaka, umboni wakuti mawu akuti "achilengedwe" satanthauza kuti mchere ndi wochepa.

Munthu wa BP, wa vuto la mtima kapena la impso asankhe madzi a sodiyamu wotsika, makamaka ngati amamwa a m'botolo tsiku lililonse. Akumbukirenso kuti sodiyamu wambiri amalowa kudzera m'mbale: mchere wothira m'ndiwo, nsomba zouma zothira mchere, tchipisi cha pachiwaya, timibulu tokometsera supu ndi soda wophikira therere.

Mbali inanso ndi yakuti madzi a m'botolo sabwezeretsa mchere umene thupi lataya. Munthu wotsekula m'mimba amafuna madzi a mchere ndi shuga monga Thanzi ORS, omwe akasakanizidwa moyenera amakhala ndi sodiyamu woposa mamiligalamu 1,700 pa lita. Madzi a m'botolo osindikizidwa bwino ndi abwino kusungunulira paketiyo, koma okha sangalowe m'malo mwake.

Mabanja a ana aang'ono

Makolo ayang'ane manambala ena awiri. F ndi fuloraidi. Wochepa amateteza mano, koma akachuluka amawathimbiriritsa ndi mawanga ofiirira, vuto lodziwika bwino ku Nathenje m'boma la Lilongwe. Malire a WHO ndi 1.5 mg/L, ndipo miyezo ya Codex imati madzi achilengedwe opitirira pamenepo alembedwe chenjezo lakuti ndi osayenera makanda ndi ana osafika zaka 7. NO3 ndi naitireti, yemwe amalowa m'madzi a pansi kuchokera ku feteleza, m'makola ndi m'zimbudzi. M'dera la minda ya fodya ndi chimanga ngati Kasungu, kumene feteleza amathiridwa chaka ndi chaka, nambalayi ndi yofunika kuidziwa. Malire ake ndi 50 mg/L, ndipo amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi makanda, chifukwa naitireti amalepheretsa magazi awo kunyamula mpweya.

Mwana wosafika miyezi 6 amene akuyamwa safuna madzi ena alionse. Ngati achipatala alangiza mkaka wa m'chitini, madzi osungunulira awiritsidwe ngakhale achokere m'botolo, chifukwa madzi a m'botolo ndi aukhondo koma sanaphedwe tizilombo tonse ngati a m'diripi.

Kuona botolo lenileni

Lebulo yabwino siithandiza ngati botolo linatsegulidwapo. Pansi pa chivindikiro pamakhala kamkombero ka pulasitiki kolumikizidwa ndi timano ting'onoting'ono. Potsegula koyamba timanoto timathyoka n'kumveka kuti "thwa". Chivindikiro chikangozungulira mofewa, kamkombero kakaoneka kothyokathyoka kapena kokhala ndi zomatira, botololo libwezedwe. Tsiku ndi nambala ya gulu zimadindidwa ndi timadontho ta inki pakhosi kapena paphewa la botolo. Zikakhala zofufutidwa kapena zosaoneka, palibe njira yotsatira madziwo kufakitale.

Wogula akweze botolo ku kuwala. Madzi asakhale ndi tinyenyeswa toyandama kapena ndere zobiriwira pansi. Mabotolo oikidwa padzuwa pakhonde la sitolo kwa milungu, kapena osungidwa pamodzi ndi palafini, petulo ndi mankhwala opopera fodya, amatenga fungo chifukwa pulasitiki imalola fungo kulowa. Kusunga koipa kotere ndi mlandu wa wogulitsa.

Madzi omangidwa m'timajumbo kunyumba ndi nkhani ina. Alibe dzina, alibe tsiku, ndipo palibe amene anawayeza. Mliri wa kolera wa mu 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madzi osadziwika gwero ndi njira imodzi imene matendawa amayendera. Kwa amene ndalama ya botolo yamuchepera, madzi a pampopi a Central Region Water Board, omwe pa Kasungu boma amachokera ku damu la Chitete, kapena a pamjigo othiridwa klorini ndi kunyamulidwa m'chigubu choyera, ndi odalirika kuposa a m'jumbo.

Pakapezeka vuto

Wogula amene wapeza botolo lotha masiku, lotsegulidwa kale, lamatope kapena lolembedwa zabodza asalitaye. Alisunge pamodzi ndi chivindikiro, ajambule lebulo, tsiku ndi nambala ya gulu, ndipo alembe dzina la sitolo ndi tsiku lomwe anagula. Lisiti ndi umboni wamphamvu, choncho ndi bwino kuitanitsa, makamaka pogula mabotolo ambiri a pa ukwati, pa maliro kapena a antchito a pa esiteti.

Poyamba abwerere kwa wogulitsa n'kupempha botolo lina kapena ndalama yake. Wogulitsa akakana, kapena vutolo likaoneka m'mabotolo ambiri, nkhaniyo ipite kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo kapena ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo, omwe ali ndi mphamvu zoyendera masitolo ndi kulanda zakudya zoopsa. Nkhani ya chizindikiro chabodza kapena madzi osafika muyezo ipite ku MBS, yomwe ili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Ya kunamizidwa ndi kukanizidwa kubwezeredwa ndalama ipite ku CFTC ku Lilongwe, ndipo bungwe loyankhulira ogula la CAMA nalo limalandira madandaulo. Ngati wina wadwala atamwa madziwo, ayambe wapita kuchipatala ndipo atenge botololo.

Eni magolosale nawo ali ndi gawo lawo: kuoda kwa ogulitsa odziwika, kusunga malisiti a pikulitsa, kuika mabotolo pamthunzi kutali ndi mankhwala, ndi kuchotsa pashelefu otha masiku. Nambala ya gulu imene wogula mmodzi wa ku Chatoloma kapena ku Mtunthama wapereka kwa akuluakulu ndi imene imathandiza kupeza mabotolo ena onse opangidwa limodzi ndi lakelo ndi kuwachotsa m'masitolo anthu ena asanamwe.